Mwana wobweza mkaka naye azigona chagada?

Funso: Anesi thandizeni. Mwana wanga ali ndi masabata 7 ndipo amabweza mkaka akangoyamwa. Kuchipatala anati azigona chagada koma apongozi akuti atsamwa, ndiye timamugoneka cham'mbali nkumuchirikiza ndi thaulo kumsana, kumutu kapilo, pansi tinayala bulangete lopinda kuti pafewe. Usiku sindikugona ndi mantha. Nditani?

Yankho: Mayi, kuyambira usiku wa lero lomwe mugonekeni chagada, ndipo thaulolo, kapiloko ndi bulangete la pansilo zituluke mu kabedi. Ndayamba ndi zimenezi dala kuti olo mutope kuwerenga panjira, zofunikazo mukhale mwamva kale. Koma ndikufuna mumvetse chifukwa chake, poti mukangochotsa zinthu osamvetsa, mwana akadzangotsokomola kamodzi pakati pausiku muzazibwezeramo zonse, ndipo inenso sindingakudabweni, mantha a kutsamwa ndi enieni ndipo apongozi anuwo akuchita zimenezi chifukwa chomukonda mdzukulu wawo.

Tagwirani pakhosi panu kutsogoloku. Cholimba mukuchimvacho ndi kholingo, njira ya mpweya. Njira ya chakudya simungaikhudze chifukwa ili kuseri kwake, cha kumsana. Mwana nayenso analengedwa chimodzimodzi. Ndiye akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi. Mkaka ukabwerera kuchokera m'mimba umatsalira pansipo, pakhomo pa njira ya chakudya, mwana nkuumezanso kapena nkutembenuza mutu nkuulavula, ndipo kuti ulowe mu njira ya mpweya ukuyenera kukwera chokwera. Mukamugoneka chafufumimba zimatembenuka, njira ya chakudya ndi yomwe imakhala pamwamba, ndiye chilichonse chotuluka mmenemo chimatsikira pakhomo pa njira ya mpweya. Komanso mwana wathanzi amabadwa akudziwa kale kumeza ndi kutsokomola olo ali mtulo, palibe amamuphunzitsa. Kakhosomo kamene kamakudzidzimutsani usiku kaja nthawi zambiri ndi thupi lake likugwira ntchito yake.

Mantha omwewa madokotala nawonso anali nawo kale. Kwa zaka zambiri m'mayiko a ku Ulaya, ku America ndi ku Australia amayi ankauzidwa kuti azigoneka makanda chafufumimba poopa kutsamwa, ndipo ana ambiri ooneka athanzi ankapezeka atamwalira kutulo popanda matenda odziwika. Kafukufuku ku Netherlands, New Zealand, Australia ndi Britain ataonetsa kuti kagonedweko ndi kamene kakuwonjezera imfazo, malangizo anasintha. Ku Britain kampeni yogoneka ana chagada inayamba mu 1991, bungwe la madokotala a ana ku America linasintha malangizo ake mu 1992 ndipo kampeni yawo inayamba mu 1994. Imfa zadzidzidzi za makanda zinatsika kupitirira theka, ndipo chomwe anthu ankaopa chija, choti ana ayamba kufa ndi kutsamwa, sichinachitike ayi.

Nanga cham'mbali? Apa ndi pamene anthu ambiri amaona ngati apeza njira yapakati. Poyamba paja bungwe la ku America lija linkalolanso cham'mbali, koma mu 2005 linachotsa, linati chagada basi. Vuto ndi loti khanda silikhazikika pambali, thupi lake ndi lobulungira, akangotakataka pang'ono amagwera kutsogolo nkukhala chafufumimba, ndipo kugwera kutsogolo nkosavuta koma kubwerera sangathe, wa masabata 7 khosi silinalimbe moti nkudzutsa mutu kwa nthawi. Ndipo mwana amene sanazolowere kugona chafufumimba ndi amene amakhala pangozi kwambiri tsiku limene wagwera choncho. Thaulo mukuchirikizira kumsanalo likumutchinga kuti asagwere chagada, komwe kuli kotetezeka, nkumusiyira njira imodzi yokha yogwera, ya kunkhope. Ena amati ndiye tiike linanso kutsogolo, koma pamenepo mwaika nsalu yofewa pafupi ndi mphuno. Zochirikizira zogula zija, olo zilembedwe bwanji pa paketi, vuto lake ndi lomweli.

Mwina muona kuti akagona cham'mbali kapena chafufumimba amagona tulo tambiri osadzukadzuka, ndipo ndi zoona, si maso anu okha. Koma tulo tozama choncho pa msinkhu uwu si tabwino. Chimene chimamupulumutsa khanda mpweya ukamachepa ndi kudzidzimuka, adzuke, atembenuze mutu, alire. Chafufumimba amagona mozama, amatenthedwa msanga, ndipo kudzidzimukako kumachedwa. Pali ana ena, ochepa, amene mbali ya ubongo yowadzutsa mpweya ukachepa siinakhwime bwino, ndipo kunja simungawadziwe, amayamwa bwino, amanenepa bwino, palibe kuyeza kumene kungakuuzeni kuti wanu ali mgulu limenelo kapena ayi. Nchifukwa chake lamulo timapereka kwa aliyense. Ngoziyi imakula kwambiri pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 4, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse amene amamwalira chonchi amakhala asanakwane miyezi 6. Wanuyo ali mkatikati mwa nyengo imeneyi. Sindikunena kuti ndikuopsezeni, imfa zimenezi sizichitika kawirikawiri, ndikunena kuti muone kuti kusintha kwake nkwa lero, si kodikira akule kaye.

Kapilo aka ndikudziwa munaika ndi maganizo oti mutu ukakwera mkaka sukwera. Kwa munthu wamkulu zimathandiza, kwa khanda ayi. Mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, kunkhongo kotukuka kale, khosi lalifupi lofewa. Mukaika chinthu pansi pa mutu, chibwano chimagwera pachifuwa ndipo njira ya mpweya, yomwe ndi yopapatiza kale, imapindika ngati mmene paipi ya labala imachitira ukaipinda, madzi nkumatuluka pang'onopang'ono. Ndipo akatembenuza mutu, tsaya ndi mphuno zimamira mu piloyo. Kukweza matiresi mbali ya kumutu poika zinthu pansi pake nakonso musachite, kafukufuku sanaonetse kuti kumachepetsa kubwezako, chimene chimachitika nchoti mwana amatsetsereka nkukapindikira kumiyendo kwa kabedi. Malangizo a madokotala a ana a ku America a 2022 amati malo ogona opendekeka kupitirira madigiri 10 si abwino kwa khanda, ndipo chaka chomwecho dzikolo linaletsa mwalamulo kugulitsa timabedi topendekeka tija pamodzi ndi zotchinga zofewa zomangirira m'mbali mwa kabedi, ana atamwalirapo. Pilo adikire, chaka choyamba chonse asaione.

Tsopano pansipo. Ife akulu tikamva kuti pogona polimba timamvera chisoni mwana, timaganiza za msana wathu. Iye thupi lake ndi lopepuka, sakumva kuwawa kumene inu mungamve. Pofewa vuto lake ndi loti nkhope ikafikapo pamapangika kadzenje, mpweya woipa umene wapuma kutulutsa umaunjikana mmenemo, iye nkumaupumanso womwewo, okosijeni nkumachepa pang'onopang'ono popanda phokoso lililonse. Sikuti mpaka mphuno itsekeke kaye ayi. Ndiye chotsani bulangete lopindalo muyese matiresi ake enieniwo: dindani ndi chikhatho pakati komanso m'mbali, mukachotsa dzanja pabwerere pompo osasiya chizindikiro. Mukamugoneka yang'anani kumutu kwake mutawerama, mutu ukhale pamwamba pa matiresi, usamire. Siponji yakale yomwe inafooka pakati, kapena ija yofewa yotsatira thupi, siyoyenera. Onaninso m'mbali, pakati pa matiresi ndi matabwa a kabedi pasalowe zala zoposa ziwiri, ndipo mipata ya pakati pa timatabwa toimirira isapitirire masentimita 6 kuti thupi lisadutse mutu nkutsalira. Pamwamba pake shiti imodzi yokoka bwino, yopisiridwa pansi mwakuti singamasuke. Basi. Ngati mukuopa mkaka kunyowetsa, chotchinga madzi chikhale chopyapyala chogwira matiresi pansi pa shitiyo, osati pepala la pulasitiki lotayirira, ndipo musayale kansalu kapadera pansi pa mutu, bola kusintha shiti.

Mukamaliza, mu kabedimo mukhale mwana yekha. Zidole kunja, matewera osungira kunja, zingwe za makatani kapena za chaja ya foni zikhale kutali koti sangazifikire. Ngati mumagwiritsa ntchito neti, ikokeni ilimbe nkuipisira pansi pa matiresi kuti isalendewere pankhope. Kabedi kopanda kanthu kamaoneka ngati kosasamalidwa, alendo ena amanena ndithu, asiyeni anene.

Funso limene limabwera pompo ndi la kuzizira. Kutentha kumubwerere kuchokera ku zovala, osati zofunda zambiri. Muvekeni chovala chimodzi kuposa zimene inu mwavala nkumamva bwino m'chipindamo. Chabwino kwambiri ndi kathumba kogonamo kaja kovala ngati diresi lotseka kumiyendo, kokhala ndi pakhosi ndi potulutsira manja, bola sayizi ikhale yake kuti mutu usalowe mkati. Pa zofunda akatswiri amasiyana pang'ono, a ku America amati bulangete lisalowemo nkomwe, a ku Britain amalola lopyapyala ngati mwatsata njira yake, ndipo njira yake ndi iyi: mapazi a mwana agunde kumiyendo kwa kabedi kuti asakhale ndi kotsetserekera, bulangete lifike pachifuwa pokha osapitirira mapewa, manja ali kunja, ndipo mulipisire pansi pa matiresi mbali zonse zitatu. Lolemera kapena la thonje mkati ayi. Chipewa m'nyumba pogona muvuleni, khanda limatulutsira kutentha kumutu, komanso chipewa chimatha kutsikira kumaso. Pofuna kudziwa ngati wazizidwa musagwire manja kapena mapazi, amenewo amazizira kale mwa makanda onse ndipo amanamiza amayi ambiri nkuwonjezera zofunda. Lowetsani dzanja pachifuwa kapena kuseri kwa khosi. Pakhale pofunda bwinobwino. Mukapeza thukuta, tsitsi lonyowa, khungu lotentha, chotsani chimodzi. Ngati mumamukulunga mu nsalu, ikhale yopyapyala, isafike kumaso, m'chiuno mukhale momasuka kuti miyendo izipindika, agone chagada, ndipo tsiku limene mwaona akuyesa kutembenuka kukulungako kuthere pomwepo, nthawi zambiri ndi cha pa miyezi 3 kapena 4 koma ena amafulumira.

Tiyeni tione usiku weniweni, poti masana aliyense amatsata malamulo, zinthu zimasokonekera cha m'ma 2 koloko m'bandakucha muli wotopa. Walira, mwamutenga, wayamwa bere limodzi. Mugeyetseni kaye musanamupatse linalo, kubweza kwambiri kumachokera ku mpweya umene wameza komanso kamimba kudzaza kwambiri nthawi imodzi, ndiye kuyamwa pang'ono pafupipafupi kumathandiza kuposa pilo aliyense. Akamaliza musamugoneke pompo, mugwireni choimirira pachifuwa panu mutu paphewa kwa mphindi 20 kapena 30, thewera lisamange pamimba. Kenako mu kabedi, chagada. Tinene kuti patapita mphindi 10 mwamva kakhosomo, mwayatsa nyali, mwapeza mkaka patsaya ndi pa shiti, iye mutu watembenuzira kumbali, khungu lili bwino, akupuma. Pamenepo palibe changozi chachitika, mwaona kumene mmene thupi lake limadzitetezera. Mupukuteni, ngati panyowa kwambiri sinthani shiti, mugonekeninso chagada.

Changozi chenicheni pa usiku umenewu chili pa mphindi 20 zomugwira zija, chifukwa ndi pamene tulo timakuberani. Musachitire zimenezi pa sofa kapena pampando wofewa. Pa malo onse amene khanda lingagone ndi munthu wamkulu, pa sofa ndi poopsa kwambiri, mwana amatsetserekera pakati pa thupi lanu ndi khushoni, ndipo ngozi yake imakwera maulendo makumi angapo. Izi muwauzenso bambo ake, poti abambo ambiri amakonda kuthandiza potenga mwana kukakhala naye pa sofa kuti mayi apume, nkugona naye pachifuwa. Ngati mukuona kuti mutha kugona mukuyamwitsa, bola muyamwitsire pabedi lanu mutalikonzeratu, mapilo ndi zofunda zanu kutali ndi iye, pasakhale mpata pakati pa bedi ndi khoma woti angagweremo, pasakhale mwana wina kapena chiweto, ndipo mukangodzidzimuka mumubwezere mu kabedi kake. Kugona naye bedi limodzi kusachitike nkomwe ngati wina wa inu amasuta fodya, olo amasutira panja, ngati wamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, kapena ngati mwanayo anabadwa masabata 37 asanakwane kapena sanafike makilo 2.5, ndipo kwa mwana wosakwana miyezi 4 ngati wanuyu ngoziyo imakhala yokwererapo olo zonsezi palibe. Chimene timalimbikitsa ndi chipinda chimodzi, pogona posiyana, kabedi kake pafupi ndi bedi lanu poti mutha kumufikira ndi dzanja, kwa miyezi 6 yoyamba osachepera. Kuyamwitsa mukuchitaku nako kumachepetsa ngozi, pitirizani, ndipo utsi wa fodya usayandikire mwana.

Za apongozi, ine ndingakonde musapite ndi mawu oti mumalakwitsa. Iwo analera ana, anakula, ndipo akunena zoona, ana ambiri ogona cham'mbali amakula bwinobwino, kungoti sitidziwa kuti ndi uti amene sangadzidzimuke. Agwiritseni pakhosi pawo ngati ndinakugwiritsani inu, kapena pitani nawo kusikelo akamve okha kwa anamwino, akuluakulu ambiri amamva bwino zikachokera kumeneko kusiyana ndi kwa mpongozi. Chofunika agwirizane nanu nchoti kagonedwe kakhale kamodzi usiku ndi masana, aliyense amene akumusunga. Mwana wozolowera chagada usiku amene masana wina akumugoneka mwina, ameneyo ndi uja ndanena kuti sanazolowere, ndipo tulo ta masana nato ndi tulo. Akagonera mu mpando wa m'galimoto, mukafika mumutulutse mukamugoneke pamalo ake afulati.

Kubweza kwa mwana amene akuyamwa bwino, akunyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku ndipo sikelo ikukwera, si matenda. Kakhomo ka pamwamba pa mimba kamakhala kasanalimbe, zimachuluka cha pa miyezi 4 ndipo kwa ambiri zimatha akamakwanitsa chaka. Koma pali kusanza kwina koti musakhale nako pakhomo. Ngati masanzi akutuluka mwamphamvu mothamanga kutali pafupifupi nthawi iliyonse akayamwa, iye nkumafunanso bere ngati sanayamwe, pitani kuchipatala msanga, pa msinkhu wake uwu pali vuto lina la potulukira pa mimba kuchepa ndipo limachizika ndi opareshoni yaing'ono. Masanzi obiriwira kapena a magazi, kukana bere, kufooka, matewera ouma, sikelo kutsika, thupi kutentha madigiri 38 kapena kuposa, zonsezi nzopita tsiku lomwelo olo usiku. Pa kapumidwe, makanda amapuma mosalongosoka, mofulumira kenako nkuima masekondi 5 mpaka 10 nkuyambiranso, zimenezo nzabwinobwino. Koma kuima kofika masekondi 20, milomo kapena lilime kuda ngati kubiriwira kapena kutuwa, chifuwa kulowa mkati popuma, thamangani naye. Alipo ana ochepa kwambiri obadwa ndi vuto la njira ya mpweya amene adokotala amawauza kagonedwe kena, koma zimenezo anena ndi dokotala amene wamuyeza mwanayo, osati kuganizira kunyumba.

Masiku oyamba akhoza kuvuta pang'ono poti anazolowera cham'mbali, azidzidzimuka manja m'mwamba nkulira. Pomutsitsa yambani ndi matako kenako mutu, dzanja lanu likhale pachifuwa pake kwa kanthawi musanachoke, ambiri amazolowera pakangopita masiku ochepa. Ndipo muzamva anthu akuti chagada chimaphwatalitsa kunkhongo. Zimachitikadi kwa ana ena, koma mankhwala ake ali masana: akakhala maso inu mukumuyang'ana, muikeni chafufumimba pamalo olimba kapena pachifuwa panu, mphindi zitatu mpaka zisanu kawiri kapena katatu pa tsiku, muziwonjezera akamakula, asanayamwe osati atangoyamwa poti ngobweza. Zimalimbitsa khosi ndi mapewa zomwe azatembenukire. Pomugoneka muzisinthasintha mbali imene mutu wayang'ana, lero kumanja mawa kumanzere. Cha pa miyezi 4 mpaka 6 ayamba kutembenuka yekha. Akamatha mbali imodzi yokha, mukamupeza chafufumimba mubwezeni chagada. Akamatha mbali zonse ziwiri, kupita ndi kubwerera yekha, simukuyeneranso kudzuka kumamutembenuza, inu muzingomuyambitsa chagada nthawi zonse mpaka akwane chaka, ndipo mu kabedimo mukhalebe mopanda kanthu chifukwa nthawi imeneyo nkhope yake izifika pena paliponse.